Chimene Chimatchinga Madzi M'shawa Chili Pansi pa Matailosi

M'nyumba zambiri zatsopano, khoma limene limayamba kuwonongeka ndi la chipinda chogona chimene chagundana ndi bafa. Penti wa m'munsi amayamba kutupa kenako n'kusupuka, pakhoma pamatuluka ufa woyera, ndipo zovala za m'kabati yotsamira khomalo zimamveka fungo la nkhungu. Mwini nyumba akalowa m'shawa amapeza matailosi ali bwinobwino, opanda losweka ngakhale pang'ono, ndiye amakayikira paipi ya m'khoma kapena mvula. Nthawi zambiri wolakwa sakhala paipi kapena mvula. Amakhala madzi osamba omwewo, amene adutsa pakati pa matailosi n'kupeza kuti pansi pake palibe chowaletsa.

Ntchito ya matailosi ndi kupereka malo olimba, osavuta kukolopa ndiponso okongola. Kutchinga madzi ndi ntchito ya chinthu china chimene chimapakidwa matailosi asanaikidwe, ndipo chikangokwiriridwa palibe amene adzachionenso. N'chifukwa chake mwini nyumba ayenera kuchidziwa bwino ntchito isanayambe.

Mmene madzi amadutsira

Tailosi yeniyeniyo, makamaka ya poselini, simwa madzi kwenikweni: yabwino imamwa osafika theka la peresenti ya kulemera kwake. Vuto lili m'mizere. Gilauti amene timathira pakati pa matailosi ndi simenti wosalala chabe, ndipo simenti aliyense akauma amakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timayamwa madzi. Thirani madzi pamzere wa gilauti wouma, muona ukuda pomwepo. Kudako n'kumwa.

Njira yachiwiri ndi ming'alu. Pansi ndi khoma sizinamangidwe tsiku limodzi ndipo sizifutukuka mofanana. Madzi otentha akathiridwa, zinthu zimafutukuka pang'ono, zikazizira zimabwerera. M'madera a dothi lamakande, nthaka imatupa m'dzinja n'kunyala m'chilimwe, ndipo nyumba imasuntha nayo pang'ono. Kusuntha kumeneku kumathera pangodya pamene pansi pakumana ndi khoma, ndipo gilauti wa pamenepo amang'aluka kamzere kopyapyala kwambiri. Madzi safuna mpata woposa pamenepo.

Njira yachitatu ili pachibowo chotulukira madzi. Paipi yake ndi ya pulasitiki, ndipo simenti sagwirana ndi pulasitiki. Akamauma amanyala n'kusiya kampata kozungulira paipi, pamalo enieni pamene madzi onse a m'shawa amasonkhana.

Kuchuluka kwa madziwo n'kumene anthu sakuganizira. Shawa yothamanga bwino imatulutsa malita 8 mpaka 10 pa mphindi. Anthu asanu akasamba mphindi zisanu aliyense, pansi pa shawa yotalika mita imodzi m'litali ndi m'lifupi pamagwa malita 200 kapena kuposa tsiku lililonse. Mvula imene imagwa ku Lilongwe chaka chonse kawirikawiri siifika malita 1,000 pamalo a ukulu womwewo. Ndiye kuti m'masiku asanu okha, kachigawo kameneka ka nyumba kamalandira madzi oposa amene denga la ukulu womwewo limalandira pachaka. Ngakhale gawo lochepa chabe la madziwo litadutsa, limakwana kunyowetsa khoma, chifukwa pansi pa matailosi sipauma msanga ndipo mawa lake kukubwera ena. Njerwa ndi pulasitala zimayamwa chinyezicho n'kuchikweza m'mwamba, mpaka chikatulukire mbali ina ya khoma kumene kuli mpweya.

Poyambira: pansi polimba ndi potsetsereka

Titenge shawa wamba ya mita imodzi mbali zonse, yokhala ndi makoma atatu a njerwa opakidwa pulasitala, kakhoma kakafupi kolowera kutsogolo, ndi chibowo chotulukira madzi pakati. Pansi pake pali konkire.

Choyamba ndi konkire yemweyo. Ayenera kukhala wokhwima, ndipo konkire watsopano amafuna masiku 28 kuti afike pamenepo. Mapaipi onse, a madzi obwera ndi otuluka, aikidwe ndi kuyesedwa tsopano lino, chifukwa amene adzabwere kudzaboola pambuyo pake adzang'amba chotchinga chimene mwavutikira. Fumbi, mafuta, zotsalira za matope ndi penti zichotsedwe. Ngati pansipo panasalazidwa kale mpaka kunyezimira, pagobedwe pang'ono kuti chobwera pamwamba chipeze pogwira.

Pamwamba pa konkire pamayalidwa matope a simenti ndi mchenga, amene amisiri amati sikilidi. Ntchito yake yaikulu ndi kupanga mtsetse wopita kuchibowo. Muyeso wabwino ndi wakuti pa mita iliyonse pansi patsike masentimita 2. M'shawa yathuyi, kuchokera kukhoma kufika pachibowo ndi theka la mita, choncho pachibowo pakhale potsika ndi sentimita imodzi kuyerekeza ndi m'mphepete mwa khoma. Ngati sikilidi yakhuthala masentimita 3 pachibowo, kukhoma ikhale masentimita 4. Izi zimafuna pafupifupi ndowa ziwiri za mchenga za malita 20 ndi theka la ndowa ya simenti, ndiye kuti muyeso umodzi wa simenti pa miyeso inayi ya mchenga. Mchengawo ukhale wa kumtsinje, wopanda dothi. Madzi asachuluke: matope abwino ndi amene mukawafumbata amagwirana koma osadontha. Matope amadzi kwambiri amanyala pouma ndipo amang'aluka.

Mtsetsewu uyenera kupangidwa pano, pansi pa chotchinga madzi. Pali amisiri amene amasiya pansi pafulati, n'kunena kuti adzapanga mtsetse poika matailosi pochulukitsa simenti womatira mbali ina. Zikatero pamwamba pa matailosi madzi amayenda ndithu, koma amene adutsa m'mizere amakafika pamalo osatsetsereka n'kukhazikika pomwepo. Shawa yotero mizere yake siuma, imada ndi nkhungu ndipo imanunkha ngakhale ikolopedwe tsiku ndi tsiku. Kuyesa mtsetse n'kosavuta: sikilidi ikalimba, thirani kapu ya madzi pangodya iliyonse. Madziwo apite okha kuchibowo. Pamene atsala ataima, pakonzedwe lero.

Sikilidi ikufunika kuisamala poiwaza madzi masiku angapo oyamba, ndipo ipatsidwe sabata imodzi kapena kuposa isanapakidwe kanthu. Pangodya zonse pamene pansi pakumana ndi khoma, mmisiri aike kamatope kakang'ono n'kukasalaza kuti ngodyayo isakhale yakuthwa. Chotchinga madzi chimakhala bwino pangodya yotere kusiyana ndi pamene chapindidwa mwamphamvu.

Chotchinga chenicheni

Mankhwala otchinga madzi opaka pansi pa matailosi alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi ufa wa simenti wapadera umene umasakanizidwa ndi madzi oyera ngati mkaka obwera nawo m'chigubu, n'kukhala phala lopaka ndi bulashi. Wina umabwera wosakaniza kale m'chidebe, ndipo ukauma umakhala wotamuka. Kusiyana kwake kuli ndi ntchito. Phala la simenti limapakidwa pamalo onyowetsedwa koma opanda madzi oima, chifukwa pamalo ouma limayamwidwa madzi lisanakhwime n'kusanduka ufa. Wa m'chidebe uja umafuna malo ouma bwino, ndipo kawirikawiri pamayamba papakidwa mankhwala oyambira amene amamanga fumbi ndi kuthandiza kuti ugwire. Ukapakidwa pa sikilidi yachinyezi umatupa matuza n'kusupuka. Choncho zolembedwa pachidebe ziwerengedwe, ndipo muyeso wosakanizira usasinthidwe. Kuthira madzi owonjezera kuti mankhwala akwanire malo aakulu ndi njira yachidule yowonongera ntchito yonse.

Muganize za beseni. Beseni limasunga madzi chifukwa pansi pake ndi m'mbali mwake ndi chinthu chimodzi chopanda msoko. Chotchinga cha m'shawa chiyenera kukhala chotero: chichoke pachibowo, chiyale pansi ponse, chikwere makoma, chikwerenso kakhoma kolowera n'kutsikira kunja kwake, osadukiza paliponse. Kupaka pansi pokha n'kulekeza m'mphepete mwa khoma kuli ngati kusapaka, popeza ngodya ija ndi imene imang'aluka.

N'chifukwa chake ntchito imayambira pamalo ovuta. Pangodya zonse amapaka mankhwala, n'kuika nsalu yake yolimbitsa yotambalala masentimita 10 mpaka 20, theka pansi theka pakhoma, n'kuikanikiza ndi bulashi mpaka itanyowa yonse, popanda makwinya kapena mpweya wotsekeredwa. Nsaluyi ndi imene imagwira chotchinga kuti chisang'ambike pamene ngodya yasuntha. Pamene nsalu ziwiri zakumana, ina ikwere pa inzake masentimita 5 kapena kuposa. Pachibowo, njira yabwino ndi kugula chotulutsira madzi chokhala ndi mlomo wotambalala umene umagona pa sikilidi, kuti nsalu ndi mankhwala zikwere pamlomowo n'kupindikira m'kati. Potero madzi oyenda pansi pa matailosi nawonso amathera m'paipi. Mapaipi a mipope otuluka m'khoma azunguliridwenso ndi kansalu kodulidwa bowo pakati.

Zikatha izi, malo onse amapakidwa ulendo woyamba, bulashi ikuyenda mbali imodzi. Pakalimba moti chala sichikusiya chizindikiro, zimene kawirikawiri zimatenga maola angapo, amapakanso kachiwiri bulashi ikuyenda mopingasa ndi poyamba. Kupingasako n'kofunika chifukwa bulashi imasiya timabowo tating'ono ndi mizere yopyapyala, ndipo ulendo wachiwiri ndi umene umazitseka. Phala la simenti likapakidwa kawiri limayenera kukhuthala pafupifupi mamilimita 2. Ngati mtundu wa pulasitala ukuonekerabe, ndiye kuti lapyapyala. Kupaka kamodzi mokhuthala kwambiri sikulowa m'malo mwa kupaka kawiri, chifukwa kumang'aluka pouma.

Makoma akwezedwe mpaka pati? Kulekeza masentimita 15 kuchokera pansi kumateteza ngodya yokha. Koma madzi a shawa amamenya khoma kuyambira kumutu, ndipo mizere ya matailosi a pakhoma imamwa madzi chimodzimodzi. Madzi olowa pamwamba amatsika kuseri kwa matailosi, ndipo ena amakalowa kuseri kwa chotchinga chachifupicho. Choncho m'kati mwa shawa, makoma apakidwe mpaka mamita 1.8, kapena kupitirira pamene pali mutu wa shawa.

Tsopano tingawerengere zogula. Pansi ndi sikweya mita imodzi. Makoma atatu a mita imodzi m'lifupi ndi mamita 1.8 m'mwamba ndi masikweya mita 5.4. Tikawonjezera kakhoma kolowera ndi kachigawo ka kunja kwake, tikufika pafupifupi masikweya mita 7. Phala la simenti lopakidwa kawiri limatenga makilogalamu 3 mpaka 4 pa sikweya mita, choncho pafunika makilogalamu 21 mpaka 28. Nsalu ikufunika mamita 4 kuzungulira pansi, mamita 3.6 pangodya ziwiri zoimirira, ndi ina ya pakakhoma ndi pachibowo, zonse pamodzi pafupifupi mamita 10. Chiwerengero chimenechi chimathandizanso poyang'anira ntchito. Ngati mwagula makilogalamu 25 ndipo ntchito yatha theka litatsala, simunapulumutse ndalama. Chotchinga chanu chakhuthala theka la mmene chimafunikira.

Pali zinthu zina zimene anthu amaika m'malo mwa chotchinga, koma sizigwira ntchitoyi. Pepala lakuda la pulasitiki loyalidwa pansi pa konkire limaletsa chinyezi chochokera m'nthaka, koma madzi ochokera pamwamba amangoyenda cham'mbali n'kulowa m'makoma. Mankhwala othira m'matope posakaniza amachepetsa kuyamwa kwa pulasitala, koma pakachitika mng'alu satha kuutseka. Penti wa phula amatchinga madzi, koma simenti womatira matailosi sagwira bwino pa phula, ndipo matailosi amadzatakasuka.

Kuyesa matailosi asanaikidwe

Tsiku lofunika kwambiri pantchito yonseyi ndi limene palibe amene akugwira ntchito. Chotchinga chikakhwima, malinga ndi masiku olembedwa pachidebe, tsekani paipi yotulukira madzi. Chotsekeracho chilowe m'kati mwa paipi, m'munsi mwa pamene chotchinga chakumana ndi mlomo, kuti malo okumanawo nawonso ayesedwe. Thirani madzi akuya masentimita 5, lembani ndi pensulo pamene alekeza, ndipo muwasiye maola 24. Pambali pake ikani chidebe cha madzi cholembedwanso mzere, kuti mudziwe amene auma ndi mpweya, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

M'shawa yathu ya sikweya mita imodzi, madzi akatsika milimita imodzi ndiye kuti lita imodzi yapita kwina. Ngati atsika mamilimita 5 pamene a m'chidebe atsika milimita imodzi yokha, malita anayi alowa m'nyumba mwanu tsiku limodzi. Yang'anani kuseri kwa makoma, ndipo ngati nyumba ndi yosanja, yang'anani kudenga la chipinda cha pansi. Musanaweruze, onetsetsani kuti chotsekera chanu sichikudontha. Ngati chili bwino, khuthulani madzi, pauma, ndipo funani bowo kuyambira pachibowo ndi pangodya. Mukalipeza pakanipo ndi kansalu n'kuyesanso. Pa nthawi imeneyi kukonza kumatenga bulashi ndi tsiku limodzi. Matailosi akaikidwa, kukonza komweko kumatenga nyundo.

Kuika matailosi mosawononga za pansi

Kuyambira apa, chotchinga chitetezedwe. Munthu asapondepo ndi nsapato zamiyala, asaduliremo matailosi, asaikemo makwerero popanda katoni pansi, ndipo asakhomemo msomali wogwirira chingwe kapena thabwa.

Matailosi amatidwe ndi simenti womatira wa m'thumba woyenera malo onyowa, osati simenti wamba wosakaniza ndi mchenga. Apakidwe ndi chopakira cha mano malo onse, ndipo tailosi ikanikizidwe mpaka kunsi kwake konse kutagwira. Chizolowezi choika timilu tisanu ta simenti kunsi kwa tailosi n'choipa kwambiri m'shawa, chifukwa chimasiya mphako zimene zimadzaza madzi. Mungadziwe pogogoda ndi kandalama: tailosi yogwira bwino imamveka mawu ogontha, yamphako imalira. Pansi pa shawa pamayenera matailosi ang'onoang'ono, a masentimita 5 kapena 10, osaterera. Tailosi yaikulu singatsate mtsetse wochokera mbali zinayi pokhapokha itadulidwa mopingasa kulunjika kuchibowo.

Patatha tsiku limodzi kapena kuposa, gilauti amathiridwa m'mizere. Koma pangodya, pamene pansi pakumana ndi khoma ndi pamene makoma awiri akumana, pasathiridwe gilauti. Pamenepo paikidwe silikoni wa m'bafa, amene amatamuka ngodya ikasuntha. Silikoniyu ndi wothandizira chabe ndipo amatha, choncho amafunika kuchotsedwa ndi kuikidwa wina akayamba kusupuka kapena kuda. Shawa isagwiritsidwe ntchito mpaka gilauti ndi silikoni zitakhwima, zimene zimatenga masiku angapo.

Ngati shawa yanu ikudontha kale

Musanagumule kanthu, dziwani kumene madzi akuchokera. Tsekani mipope yonse ya m'nyumba n'kuyang'ana mita ya madzi. Ngati ikuyendabe, pali paipi yoboola. Ngati yaima, lekani kusambira m'shawayo kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Khoma likayamba kuuma, shawa ndi imene ili ndi vuto. Chinyezi chochokera m'nthaka chimadziwika chifukwa chimaoneka m'makoma ambiri a nyumba ndipo chimakula nthawi ya mvula, pamene cha shawa chimakhala pamalo amodzi chaka chonse. Kuti musiyanitse paipi yotulukira ndi pansi penipeni, thirani madzi molunjika m'paipimo ndi payipi ya mphira osanyowetsa matailosi. Ngati sipakuoneka kudontha, tsekani chibowo n'kudzaza madzi pamatailosi monga tafotokozera. Chinyezi chikatuluka tsopano, vuto lili pansi pa matailosi.

Kuzengereza kuli ndi mtengo wake. Ufa woyera wa pakhoma uja ndi mchere umene madzi asungunula m'simenti ndi m'njerwa n'kuusiya pamene auma, ndipo umafumbutsa pulasitala. Mafelemu a zitseko a chitsulo amachita dzimbiri m'munsi, a matabwa amawola ndipo chinyezi chimaitana chiswe. Nkhungu imavutitsa anthu a mphumu. M'nyumba yosanja nkhani imakula, chifukwa madzi akafika pazitsulo za m'konkire zimachita dzimbiri, dzimbirilo limatupa n'kuphwanya konkire kuchokera m'kati.

Kuthira gilauti watsopano ndi silikoni kungachepetse kudontha kwa kanthawi, ndipo ngati vuto linali silikoni wong'ambika pashawa yokhala ndi chotchinga chabwino, kungakwanire. Koma ngati pansi palibe chotchinga, mankhwala ake ndi amodzi: kuchotsa matailosi a pansi ndi a m'makoma, kudikira kuti paume, ndi kuyambiranso pa mtsetse. Kupenta khoma la kuseri ndi penti wosalowa madzi kumangotsekera chinyezi m'kati, ndipo chimakwera n'kukatulukira pamwamba pake.

Kwa amene mukumanga tsopano, mphamvu yanu ili pa kapanganidwe ka malipiro. Mmisiri wolipidwa potengera kuchuluka kwa matailosi amene waika amataya ndalama tsiku lililonse limene akudikira kuti sikilidi iume kapena madzi ayesedwe, ndipo n'zomveka kuti amafuna kufulumira. Choncho gawani ntchitoyi pawiri, ndipo gawo la kutchinga madzi likhale ndi mtengo wakewake. Mungawauze kuti, "Amisiri, gawo loyamba ndikulipirani madzi akagona m'shawamu usiku wonse osatsika, kenako tiyambe matailosi." Mmisiri wodziwa ntchito yake sakana pangano lotere, chifukwa limamutetezanso iye: madzi akayesedwa nonse mukuona, palibe amene adzamunene chaka chamawa kuti anaba mankhwala. Jambulani zithunzi za ngodya, za pachibowo ndi za mzere wa pensulo matailosi asanakwirire, ndipo sungani dzina la mankhwala amene mwagwiritsa ntchito, kuti amene adzakonze mpope kapena kusintha tailosi m'tsogolo adziwe chimene chili pansi asanayambe kugogoda.